Sensa yoyezera madzi m'thanki: mugule iti, ndipo mawu obwerera onama muthana nawo bwanji?

Thanki yathu ya malita 5,000 ili pansanja yachitsulo kuseri kwa nyumba, ndipo ndinatopa kukwera makwerero m'mawa uliwonse kukagogoda m'mbali kuti ndimve pamene madzi alekezera. Ndinamangirira sensa ya alutirasoniki pamwamba, ija imatulutsa kulira kosamveka ndi khutu la munthu n'kudikira kuti kubwerere kuchokera pamadzi. Sabata yoyamba zonse zinayenda. Sabata yachiwiri mpopi wa kukhitchini unangofwenthera mphepo, pomwe kasikirini kanga kakuti muli malita 3,660. Nditakwera ndinapeza thanki ili gwa, youma mpaka pansi.

Sensa sinawonongeke. Inkamva mawu obwerera enieni, koma ochokera pa chigongono cha paipi yolowetsa madzi, chimene chinali masentimita 71 kuchokera pomwe ndinaimangirira. Madzi akakhala pamwamba pa chigongonocho, sensa inkanena zoona. Akatsika n'kuchisiya poyera, nambala inkangoima pa 71 osasunthanso. Zimenezi ndi zomwe ndikufuna muzikumbukira posankha: sensa zotchipa zimakuuzani za mawu oyamba kubwerera basi, zikawamva zimatseka makutu. Mawu enieni a pamadzi amafika mochedwa pang'ono, ndipo pulogalamu yanu siwaona n'komwe.

Zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Yambani ndi tepi, osati ndi sitolo. Choyamba yezani mpata wa pakati pa denga la thanki ndi madzi ikadzaza mpaka pa paipi yotayira. Sensa iliyonse ili ndi dera lakhungu, kamtunda kapafupi komwe singathe kuyeza chifukwa imakhala ikunjenjemerabe ndi kulira komwe yangotulutsa. Madzi akalowa m'dera limeneli, nambala zimasokonekera. Nthawi zina mawu amagunda madzi, kubwerera kudenga, kugundanso madzi, n'kumveka ulendo wachiwiri, ndiye madzi ali pa masentimita 15 sensa n'kunena 30. Ngati pampu yanu imazima podalira nambala imeneyi, thanki isefukira.

Chachiwiri ndi kutambalala kwa mawu. Satsika ngati chingwe, amamwazika ngati kuwala kwa tochi. Sensa yomwaza madigiri 60 ikatsika mita imodzi imakhala yafika masentimita 58 mbali iliyonse. M'thanki yotambalala masentimita 180, sensa ili pakati penipeni, mawu amakhudza khoma akatsika masentimita 156. Koma mathanki ambiri apulasitiki chivundikiro chake chili chakumbali, ndipo mukaika sensa masentimita 40 kuchokera kukhoma, mawu amalikhudza atangotsika 70. Khoma losalala silivuta kwenikweni chifukwa limathamangitsira mawu pansi. Zovuta ndi nthiti za thanki, mapaipi olendewera, mpira woyandama wa vavu ndi chingwe chake.

Chachitatu ndi chinyezi. M'thanki yotsekedwa mumakhala nthunzi nthawi zonse, ndipo usiku kukazizira imasanduka madontho padenga ndi pankhope ya sensa. Chachinayi ndi kutentha, komwe ambiri amakuiwala. Liwiro la mawu mumpweya ndi mamita 343 pa sekondi kukakhala madigiri 20, ndipo limakwera ndi mamita 0.6 pa digiri iliyonse. Thanki yakuda yokhala padzuwa la Okutobala mpweya wam'kati mwake ukhoza kufika madigiri 45, liwiro n'kukhala pafupifupi 359. Ngati pulogalamu ikuwerengerabe 343, mtunda wa masentimita 180 uoneka ngati 172. M'thanki yathu sentimita imodzi ndi malita 25, ndiye masana mukhala ndi malita 200 a m'maloto amene adzasowa kukada.

Mitengo ndiitchula m'madola a ku America komanso mongoyerekeza, chifukwa ya m'makwacha imasintha msanga, ndipo muwonjezerepo zotumizira ndi msonkho.

HC-SR04, ya maso awiri ija

Mtengo: dola imodzi kapena awiri. Palibe yotchipa kuposa iyi.

Kupezeka: imabwera m'mabokosi ambiri ophunzirira Arduino, choncho aliyense amene anaphunzirapo zamagetsi zamtunduwu mwina ali nayo m'dirowa.

Kusamalira: apa ndi pomwe imagwera. Ili ndi timasefa tachitsulo kumaso ndipo bolodi lake lili pamtunda, lopanda chophimba. M'nthunzi ya m'thanki imachita dzimbiri, ndipo mudzakhala mukukwera kukasintha. Kupaka vanishi pabolodi kumathandiza bolodilo, koma maso ake simungawatseke popanda kutsekanso mawu.

Zoopsa: siifa kamodzin'kamodzi. Imayamba kupereka nambala zodumphadumpha, inu n'kumasakasaka vuto mupulogalamu pomwe vuto ndi dzimbiri. Ubwino wake ndi woti dera lakhungu ndi masentimita 2 okha ndipo mawu ake ndi opapatiza, pafupifupi madigiri 15. Ndi yabwino kuyesera patebulo ndi ndowa, koma ine sindingaiike m'thanki yotsekedwa.

JSN-SR04T, ya kamutu kakuda pa chingwe

Mtengo: madola 5 mpaka 10.

Kupezeka: imapezeka mosavuta pa intaneti kuchokera ku China kapena ku South Africa, ndipo ndi yopepuka moti wachibale wobwera kuchokera ku Joni akhoza kukutengerani m'thumba. Pali mitundu ingapo yofanana maonekedwe, monga 2.0 ndi 3.0 ndi ina yotchedwa AJ-SR04M, ndipo sizichita zinthu mofanana ndendende. Werengani zolembedwa pabolodi ikafika.

Kusamalira: kamutu kake n'kofanana ndi ka sensa za kumbuyo kwa galimoto, sikalowa madzi, ndipo kali ndi chingwe cha mamita awiri ndi theka. Bolodi lokha ndi lomwe limafunika bokosi louma, lotseka bwino kuti nyerere ndi mavu zisamangemo. Musakamange kamutuko mothina kwambiri pa pulasitiki yolimba. Kunjenjemera kumalowa m'chivundikiro n'kubwerera, sensa n'kumangonena nambala yaing'ono kwambiri nthawi zonse. Kalowetseni ndi kamphira kake, kapena dulani chidutswa cha chubu cha njinga.

Zoopsa: iyi ndi imene inandinamiza, komabe ndimaigwiritsabe ntchito. Kamutu kamodzi komweko ndi komwe kamalira n'kumamvetseranso, choncho dera lakhungu ndi lalikulu, masentimita 20 mpaka 25. Mawu ake ndi omwazika kwambiri, ndipo amagwira chilichonse cholendewera m'thanki. Dontho la madzi likakhala pankhope yake, imanena kuti thanki yadzaza. Muzindikira vutoli ndi nthawi yake: limayamba m'bandakucha, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, n'kutha lokha dzuwa likakwera. Chinanso chaching'ono, mabolodi ena a mtunduwu sadzuka bwino ndi chizindikiro cha maikirosekondi 10 chimene HC-SR04 imalandira. Apatseni 20.

A02YYUW, yomatidwa yonse

Mtengo: madola 15 mpaka 20, pafupifupi kuwirikiza kawiri kapena katatu JSN-SR04T.

Kupezeka: ndi yoitanitsa kunja. Ena amaigulitsa ndi dzina lakuti SEN0311. Ngati muli ndi mwayi wa ndalama zakunja ulendo umodzi wokha, gulani ziwiri.

Kusamalira: zamagetsi zonse zili m'kati mwa kabokosi komatidwa, pa mlingo wa IP67 wosalola fumbi ndi madzi kulowa, ndiye palibe bolodi loti mulibise. Chingwe chake n'chachifupi, ndipo polumikiza powonjezera ndi pomwe chinyezi chimalowera, choncho pakhale kunja kwa thanki. Imagwira ntchito pa mavoti 3.3 kapena 5, zimene zimapeputsa ntchito kwa amene akugwiritsa ESP32, kabolodi koyendetsa pulogalamu ngati Arduino.

Zoopsa: dera lakhungu ndi masentimita 3 okha ndipo imafika mamita 4.5, ndiye vuto la thanki yodzaza mpaka pakhosi latha. Imadziwerengera yokha mtunda n'kuutumiza m'mamilimita pa UART, njira yotumizira nambala pa waya, liwiro la 9600, m'mabaiti anayi: 0xFF, baiti yaikulu, baiti yaing'ono, ndi yotsimikizira. Musadumphe kuyang'ana yotsimikizirayo, chifukwa pa waya wautali wodutsa pafupi ndi pampu mabaiti amawonongeka, ndipo nambala yolakwika yotere imaoneka ngati mawu obwerera onama pomwe ndi phokoso la magetsi chabe. Koma mawu ake ndi omwazika madigiri 60. Chigongono chija cha pa masentimita 71 chikanainamizanso. Madontho nawonso amaikhala pankhope.

MaxBotix MB7389

Mtengo: kupitirira madola 100.

Kupezeka: ndi ya ku America, yoitanitsa, ndipo ikawonongeka simupeza ina msanga.

Kusamalira: kochepa. Ili ndi mazinga olowa m'cholumikizira cha paipi, imadzikonzera yokha za kutentha, ndipo imayeza kuyambira masentimita 30 mpaka mamita 5.

Zoopsa: pa zinayizi ndi iyi yokha imene inapangidwa kuti isathamangire mawu oyamba. Imasankha mawu obwerera amphamvu kwambiri, ndipo m'thanki amphamvu kwambiri nthawi zambiri ndi a pamadzi, osati a kapaipi. Ndicho chimene mukulipira. Dziwani kuti choyezera kutentha chili m'thupi mwake, ndiye dzuwa likamaiwomba mwachindunji imaganiza kuti mpweya wonse wam'thanki ndi wotentha chomwecho. Iikireni kadenga. Dera lakhungu la masentimita 30 likufunanso kuti ikwezedwe. Ndipo chinthu cha mtengo wotere pansanja ya kumunda, kopanda mlonda, mukudziwa nokha.

Kuchotsa mawu onama: ndi manja kapena ndi pulogalamu

Mawu onama alipo a mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ena ndi ongodutsa: madzi akugavira pomwe pampu ikuthira, nalimata wadutsa, kapena mwayeza mothamanga moti kulira kwakale kukadazungulirabe m'thanki. Ena ndi okhazikika, monga chigongono changa chija. Kuti mudziwe omwe muli nawo, lembani nambala zonse zosasefa kwa tsiku lathunthu pamene thanki ikutsika. Zikamadumpha uku ndi uku n'kubwerera pamzere, ndi ongodutsa. Zikatsika bwinobwino n'kukaima pa nambala imodzi, tengani tepi, ikani pankhope ya sensa, muzunguze pa mtunda umenewo m'kati mwa thanki. Chimene tepi ikhudze ndiye mwini mlandu.

Ongodutsa amathetsedwa ndi pulogalamu, ndipo sizidya ndalama. Kuyeza kumodzi kumaoneka chonchi, kutentha kukuchokera ku sensa yoyeza kutentha ya DS18B20 yolendewera mumpweya wam'thanki, osati m'madzi:

```cpp
float yeza(float tC) {
  digitalWrite(TRIG, LOW);  delayMicroseconds(5);
  digitalWrite(TRIG, HIGH); delayMicroseconds(20);
  digitalWrite(TRIG, LOW);
  unsigned long us = pulseIn(ECHO, HIGH, 30000UL);
  return us * (331.3 + 0.606 * tC) / 20000.0;
}
```

Zimatuluka m'masentimita. Ngati ndi ESP32 ndipo sensa ikudya mavoti 5, tsitsani mphamvu ya waya wa ECHO ndi marezisita awiri, 1k ndi 2k, kuti musaotche phini. Siyani mamilisekondi osachepera 60 pakati pa kuyeza ndi kuyeza. Ine ndimasiya 200, popeza thanki yopanda madzi imasunga kulira ngati tchalitchi chopanda anthu.

Kenako sefa zitatu, motsatana. Yoyamba imataya nambala zosatheka. Kwa ife kuchokera pasensa kufika pansi ndi masentimita 215, ndipo madzi odzaza amalekeza pa 25, ndiye chilichonse chochepera 23 kapena chopitirira 220 chimatayidwa, kuphatikizapo ziro amene amabwera mawu akapanda kubwerera. Yachiwiri imatenga nambala yapakati, osati avereji. Tinene kuti mwayeza kasanu ndi kawiri n'kupeza 132, 131, 48, 132, 133, 210, 131. Mukazindandalika kuyambira yaing'ono, yapakati ndi 132, yomwe ndi yoona. Avereji ndi 131, ndipo yayandikira mwamwayi chabe chifukwa 48 ndi 210 zafafanizana. Pakanakhala 48 awiri m'malo mwa 210, avereji ikanagwa kufika 108, pomwe yapakati ikanangosuntha kufika 131.

Yachitatu imafunsa ngati madzi angathedi kusuntha chotero. Pampu yathu imathira malita pafupifupi 1,500 pa ola, ndiwo malita 25 pa mphindi, sentimita imodzi pa mphindi. Ngakhale titatsegula mipopi yonse, madzi satsika masentimita 5 pa mphindi. Choncho nambala yatsopano ikasiyana ndi yakale kupitirira 5 m'mphindi imodzi, pulogalamu imaikana n'kusunga yakale. Sefa imeneyi ili ndi msampha wake. Magetsi akazima maola asanu ndi limodzi anthu akutungabe, akabwera nambala yoona imakhala kutali ndi yakale, ndipo pulogalamu ikhoza kuikana mpaka kalekale. Muiuze kuti ikayaka kumene iyambe pachabe, ndipo ikakana kakhumi motsatizana isamangoonetsa nambala yakale ngati zonse zili bwino, ilembe kuti yasokonezeka. Kasikirini konena kuti sikakudziwa n'kabwino kuposa konena 3,660.

Okhazikika sefa zonsezi amazidutsa. 71, 71, 71, 71: ili m'malire, yapakati ndi 71, ndipo madzi anafikapo pang'onopang'ono, osadumpha. Mukhoza kuuza pulogalamu kuti izikana 71, koma kumbuyo kwake kulibe nambala ina yoti itenge. Apa pafunika sowo ndi tepi.

Njira yotchipa ndi kusuntha. Ine ndinadula paipi yolowetsa madzi kuti ilekeze pamwamba, n'kuboola malo atsopano a sensa kutali ndi nthiti ndi mpira wa vavu. Pakati penipeni pa denga lozungulira ngati mphika si pabwino kwenikweni, chifukwa dengalo limasonkhanitsira pomwepo mawu obwerera kawiri, ndiye ndinapatuka pang'ono. Onetsetsani ndi levulo kuti nkhope ya sensa yayang'ana pansi ndendende. Madzi odekha ali ngati galasi, sensa ikapendama mawu amathawira kumbali, ndipo mumayamba kulandira maziro thanki ikatsala pang'ono kutha. Kuti ndithane ndi dera lakhungu ndinaikweza pa kachidutswa ka paipi ya mamilimita 110, kotalika masentimita 10, kosalazidwa m'mphepete ndi sandipepa. Mukatalikitsa kachidutswaka, mlomo wake wapansi umasanduka chinthu china chobweza mawu.

Njira ina ndi paipi yodekhetsa madzi, ya PVC ya mamilimita 110 yomweyo, yotsika kuchokera pasensa kufika pafupi ndi pansi. Mawu amayenda m'kati mwake osaona china chilichonse, ndipo madzi a m'katimo sagavira ngakhale pampu ikuthira. Mtengo wake ndi wa paipi imodzi ya kuhadiweya, imene pulambala aliyense amaidziwa. Iyenera kukhala imodzi yopanda polumikiza, ndi kabowo kopumira pamwamba pa mlingo wa madzi odzaza, kumunsi kodulidwa mopendeketsa. Kuipa kwake n'koti chilichonse chomera m'katimo chimasanduka mawu onama: madontho a m'makoma, ulusi wa kangaude, ndi chikanga choyera chija chimene madzi a m'zitsime zina amasiya. Ndi JSN-SR04T zimayenda kwa ena, kwa ena ayi, choncho yesani kaye mu diramu musanaboole thanki. Muziisolola kukaitsuka kawiri pachaka.

Ndani atenge iti

Ngati mukuphunzira, kapena mukuyeza m'diramu lotsegula pakhonde, HC-SR04 ikukwanirani, ndipo sefa zitatu zija mudzazidziwa bwino pa mtengo wa dola imodzi.

Pakhomo pamene pali thanki ya malita 2,000 mpaka 5,000, ya m'kati mopanda zolendewera zambiri, ndipo mukungofuna kudziwa ngati madzi afika mawa, tengani JSN-SR04T, muikweze pakachidutswa ka paipi, muwonjezere DS18B20. Thanki ikakhala yaifupi, kapena imadzaza mpaka kutsala masentimita 10 kudenga, lipirani zowonjezerazo mutenge A02YYUW. Ikakhala yopapatiza ndi yaitali, kapena yodzaza mapaipi amene simungawasunthe, sensa ziwirizi zonse zikufuna paipi yodekhetsa.

Kusukulu yogonera, kuchipatala chaching'ono kapena pa sikimu yothirira ya pampu ya sola, kumene kulibe munthu woti azikwera kukapukuta madontho ndipo nambala yabodza ikhoza kusiya anthu ambiri opanda madzi, MB7389 ndi yoyenera ndalama zake. Thanki yakuya kupitirira mamita anayi kapena asanu, kapena ya madzi ochita thovu pamwamba, isiyeni alutirasoniki, mugule sensa yomizidwa pansi yoyeza kulemera kwa madzi, ya 4-20 mA, imene ilibe nazo ntchito za mawu obwerera.

Ndipo kulikonse kumene nambalayi ikuyatsa ndi kuzimitsa pampu, ikani switchi yoyandama pamwamba pa thanki, yolumikizidwa mwachindunji ku kontakita, switchi yaikulu yopatsira pampu magetsi, osadzera mupulogalamu, kuti idule magetsi madzi akafika pakhosi ngakhale sensa ikunena zina.